Pempho la kontrakiti ya milungu itatu: kukonza deta ya kafukufuku wanu ndi kukonzekera lipoti

Mayi Oyang'anira Mapulogalamu,

Ndikhulupirira muli bwino. Tinacheza pang'ono Lachinayi lapitali msonkhano wa mabungwe utatha. Munanena kuti kafukufuku wanu wa m'makomo watha ndipo mafomu 1,400 alowa kale mu KoboToolbox, koma amene amayang'anira deta kwanuko ali patchuthi cha uchembere, chonsecho opereka thandizo akufuna lipoti pakutha pa mwezi wamawa. Ntchito yotereyi ndi imene ndakhala ndikugwira pandekha kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndili ndi mpata kuyambira Lolemba likubwerali. Sindikufunsira ntchito yokhazikika ayi. Ndikupempha kontrakiti ya milungu itatu, kuti mnzathuyo pobwerako adzapeze zonse zili m'malo mwake.

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyeretsa deta, ndipo apa ndi pamene ndimachedwapo mwadala. Ndimayamba ndi kusunga padera fayilo yoyambirira, osaikhudza. Kenako ndimafufuza mafomu otumizidwa kawiri, manambala a makomo obwerezedwa, ndi mayankho osagwirizana, monga mwana wa zaka zinayi wolembedwa kuti ndi mutu wa banja. Ndimaonanso nthawi imene fomu inatsegulidwa ndi kutsekedwa, pa `start` ndi `end`, chifukwa fomu yotenga mphindi 45 ikadzazidwa m'mphindi zisanu ndi ziwiri, pamafunika kufunsa. Zolakwika zina sizichokera kwa ofunsa mafunso n'komwe. Munthu akangotsegula fayilo ya CSV mu Excel, ziro woyambirira pa nambala amasowa, 00412 n'kusanduka 412, ndipo madeti amatha kusinthana tsiku ndi mwezi malinga ndi mmene kompyutayo inatcheredwera. Zimaoneka zazing'ono, koma zimalepheretsa kulumikiza khomo ndi anthu ake.

Chilichonse chimene ndasintha ndimachilemba m'kaundula wake: mzere uti, panali chiyani, ndaikapo chiyani, ndipo chifukwa chiyani. Sindifufuta yankho la munthu popanda inu kuvomereza. Anthu aja anasiya ntchito zawo n'kukhala pansi kuti ayankhe mafunso anu, choncho mawu awo sindiwatenga mopepuka. Opereka thandizo akadzafunsa komwe kwachokera nambala inayake, mudzakhala ndi poloza.

Deta ikayera ndimakonza matebulo ndi zithunzi za ziwerengero motsatira zizindikiro zimene munagwirizana ndi opereka thandizo, ndi kulemba gawo la lipoti lofotokoza zotsatira ndi njira imene kafukufuku anachitikira. Mawu oyamba ndi malangizo ndimasiyira inu, popeza pulojekitiyo mukuidziwa ndinu.

Pomaliza, ngati mungakonde, ndidzakonzanso fomu yeniyeniyo kuti ulendo wotsatira mavuto omwewa asadzabwerere. Zolakwika zambiri zimatsekeka ndi mzere umodzi mu XLSForm, fayilo ya Excel imene fomuyo imalembedwamo. Mwachitsanzo, pa funso la zaka za munthu, pansi pa `constraint` timalemba:

```
. >= 0 and . <= 120
```

Zikatero wofunsa akalemba 340 m'malo mwa 34, foni imakana pomwepo adakali pakhomopo, m'malo moti tidzazitulukire mu ofesi patapita milungu.

Kuti muone kagwiridwe kanga, nazi ntchito zitatu za posachedwapa. Chaka chatha bungwe lina loona zaumoyo linandipatsa mafomu 2,100 kutatsala masiku 18 kuti lipoti liperekedwe. Ndinapezamo mafomu 86 obwerezedwa, komanso ofunsa awiri amene mafomu awo ambiri sankakwana mphindi khumi. Oyang'anira anatumizanso anthu ku makomo 40 mwa amenewo, ndipo zitaoneka kuti mayankho sakugwirizana, mafomu a awiriwo tinawapatula n'kufotokoza poyera m'lipoti. Lipotilo linapita kutatsala masiku anayi, ndipo silinabwezedwe.

Ina inali ya gulu la alimi limene mlembi wake ankatha masiku atatu mwezi uliwonse akukopera manambala kuchokera m'mafayilo 12. Ndinawalumikizira mafayilowo ndi Power Query, chida cha mu Excel, ndipo tsopano amangodina `Refresh All` n'kuona ngati zonse zili bwino. Ntchito yonse imatha usanakwane masana. Yachitatu inali yofupikitsa fomu ya mafunso 140 kufika pa 95, pochotsa obwerezabwereza ndi kudumphitsa osamukhudza woyankhayo. Kucheza ndi khomo limodzi kunatsika kuchoka pa ola lathunthu kufika pa mphindi 40. Ndaphatikiza pa imelo ino masamba awiri a lipoti loyamba lija ndi chitsanzo cha kaundula wa zosintha, nditachotsamo mayina onse ndiponso eni ake atandilola. Awiri mwa amene ndinawagwirira ntchitozi avomera kuti mukhoza kulankhula nawo.

Kunena za malipiro, ndimalipiritsa pakati pa madola 90 ndi 140 a ku America pa tsiku. Kuyeretsa deta ndi kukonza matebulo kumakhala kumunsi, madola 90 mpaka 110; kusanthula kozama, kulemba lipoti ndi ntchito yofunika mwachangu kumapeto a sabata ndiko kumafika kumtundako. Malinga ndi zimene munandifotokozera, ndikuona kuti pafunika masiku 15, ndipo zonse pamodzi zingakhale pakati pa madola 1,500 ndi 1,800. Mtengo weniweni ndidzaunena ndikaona detayo, ndipo tikausainira sukweranso pokhapokha inu mutawonjezera ntchito. Mumtengomo muli kukonzanso lipoti kawiri mukaliwerenga. Ndimapempha magawo 30 pa 100 poyamba, otsalawo pasanathe masiku 14 mutalandira ntchito ndi invoisi. Ngati kwanuko kuli kosavuta kulipira mtengo umodzi wa ntchito yonse m'malo mwa pa tsiku, kwa ine palibe vuto.

Ndikudziwa kuti kupereka deta ya anthu kwa munthu amene mwangokumana naye kamodzi si chinthu chapafupi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tiyambe pang'ono. Mundipatse masiku awiri okha, pa madola 180, ndi fayilo yochotsedwamo mayina, manambala a foni ndi malo enieni a makomo. Tsiku lachitatu m'mawa mudzalandira tsamba limodzi lonena mavuto amene ndapeza, kukula kwake, ndi masiku ofunika kuwakonza. Mukakhutira tipitiriza, ndipo ndalamazo zidzachotsedwa pa mtengo wonse. Mukapanda kukhutira, tsambalo ndi lanu, mukhoza kulipereka kwa wina aliyense amene mungasankhe. Ndine wokonzeka kusaina pangano losunga chinsinsi ndisanatsegule fayilo iliyonse, ndipo ntchito ikatha ndimafufuta deta yonse pa kompyuta yanga n'kukudziwitsani molemba.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndingapemphe kumbali yanu ndi munthu mmodzi amene anali nawo pakafukufukuyo, woti ndizimufunsa mafunso kwa mphindi 20 patsiku m'sabata yoyamba. Pali zinthu zimene fayilo singandiuze, koma iye angandiyankhe nthawi yomweyo.

Kodi mungakhale ndi mphindi 15 Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa kuti tilankhulane? Mukangoyankha imelo ino ndi nthawi imene yakukomerani, ndidzaimba ine. Ngati nkhani za makontrakiti amaona ndi ena mu ofesi mwanu, chonde muwapatsireko kalatayi.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu,
Wokonza deta ndi malipoti a kafukufuku