Yankho la Dokotala wa Mtima

Johannesburg, 12 Meyi

Mayi Phiri,

Ndawerenga kalata yanu, ndipo mantha anu ndawamva. Kugunda kodumphadumpha kumene mumakumva usiku nthawi zambiri sikuopsa. ECG yanu, kuyeza kuja kwa kagundidwe ka mtima, inali bwino. Makina a Holter aja, amene munavala kuti alembe kagundidwe ka mtima pa maola 24, anangoonetsa kugunda kofulumira kubwera apo ndi apo, kumene ngakhale mtima wathanzi umachita.

Ndikufunabe tiyeze magazi ndi chithokomiro, chifukwa magazi akachepa mtima umathamanga. Khofi wa kuntchito uja muchepetseko, muzigonanso mokwanira.

Koma mukakomoka, mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, musadikire m'mawa: imbirani ambulansi pa 10177 kapena 112.

Tionana Lachinayi. Mubwere ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe.

Ndine dokotala wanu wa mtima