Matenda a shuga a mtundu wachiwiri: zimene zasintha m'thupi mwanu

Pepala ili ndi la inu amene mwangouzidwa kumene kuti muli ndi shuga, ndipo timaliwerenga pamodzi Lachinayi m'mawa pa sikelo yathu kuno ku Thyolo tisanayambe kuyeza magazi.

Ambiri akangomva zotsatira amayamba kudziteteza kuti iwo sathira shuga wambiri mu tiyi. Koma shuga amene tayeza pa chala chanu sachokera m'paketi mokha. Nsima, chinangwa, mbatata, mpunga, nthochi ndi thobwa, zonsezi zikagayidwa m'matumbo zimasanduka shuga wotchedwa gulukozi, amene amalowa m'magazi kuti akapereke mphamvu ku minofu ndi ku ubongo. Shuga ameneyu ndi wofunika, ndipo popanda iye munthu sangathyole tiyi kapena kukwera chitunda atasenza nkhuni.

Kuti shuga achoke m'magazi n'kulowa m'minofu, pamafunika insulini. Insulini amapangidwa ndi kapamba amene ali kuseri kwa chifu, osati kapamba uja amatupa ndi malungo, ngakhale dzina timatchula limodzi. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini, ndipo insuliniyo amauza minofu kuti ilandire shuga, n'kuuzanso chiwindi kuti chisunge wotsalayo. Usiku, munthu akagona osadya kanthu, chiwindi chimabwezera m'magazi shuga wosungidwa uja pang'onopang'ono.

Pa matenda a mtundu wachiwiri insulini amakhalapo, koma thupi limasiya kumumvera. Zili ngati kapitawo wa pa esiteti amene antchito ayamba kumunyozera: poyamba amangokweza mawu ndipo ntchito imayendabe, koma pakapita nthawi mawu amasasa. Kapamba nayenso amayamba ndi kupanga insulini wochuluka kuposa kale, ndipo kwa zaka zingapo munthu samva chilichonse, mpaka kapambayo atatopa n'kulephera kukwanitsa. Pamenepo shuga amaunjikana m'magazi pamene minofu ili ndi njala, ndipo chiwindi, chimene nachonso sichikumva, chimapitiriza kuthira shuga m'magazi odzaza kale. N'chifukwa chake mungagone mutadya pang'ono koma m'mawa makina n'kuonetsa nambala yokwera, ndipo zikatero sikuti mwanama za chakudya chanu. Izi n'zosiyana ndi mtundu woyamba, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana, pamene kapamba amasiyiratu kupanga insulini. Mwa anthu 10 odwala shuga, pafupifupi 9 ali ndi mtundu wachiwiriwu.

Shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 180 mg/dL, umene ndi muyeso wa kuchuluka kwa shuga m'magazi, impso zimalephera kumusunga, choncho amatuluka ndi mkodzo atakoka madzi ambiri. Apa ndi pamene pamachokera kudzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, ludzu losatha ngakhale m'nyengo ya chiperoni, ndi nyerere zimene ena mwaziona zitaunjirira pamene mwakodza. Popeza chakudya chikutayika motere, thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake, ndipo munthu amaonda pamene akudya bwino, mpaka achibale kuyamba kunong'ona za matenda ena.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ife anamwino ndi chimene sichipweteka. Shuga wokwera kwa zaka amawononga timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta m'mapazi, amawonjezeranso chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima. Phazi likachita dzanzi, munthu amaponda chitsa m'munda osamva, ndipo kachilonda kamene kakanapola pa sabata imodzi kamakhala miyezi.

Matendawa amayenda m'magazi a banja, ndipo amakonda kubwera munthu akamakula, akanenepa makamaka pamimba, kapena akasiya ntchito yotulutsa thukuta. Komabe pa benchi pano pamakhalanso anthu owonda amene akhala akulima moyo wawo wonse, choncho si matenda a olemera okha monga amanenera ena. Si opatsirana, ndiponso si olodzedwa.

Tikakuyezani m'mawa musanadye n'kupeza 126 mg/dL kapena kuposa, timabwereza tsiku lina tisanatsimikize. Ngati muli kale ndi zizindikiro, 200 mg/dL pa nthawi iliyonse ya tsiku ndi umboni wokwanira.

Mankhwala amene mwalandira amagwira pa malo amene tafotokozawa. Metifomini amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa, ndipo muzimwa pamodzi ndi chakudya kuti asakuvutitseni m'mimba. Gilibenkalamaidi amakankha kapamba kuti atulutse insulini wambiri, motero mukamwa koma osadya, shuga angatsike kwambiri n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndipo pamenepo mudye msanga kanthu kotsekemera. Kuyenda ndi kulima kumathandiza chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga mosavuta, ndipo mtanda wochepa wa mgaiwa ndi nandolo ndi masamba ambiri sukweza shuga msanga ngati mitanda itatu ya ufa woyera. Tsiku lina adokotala akadzanena kuti muyambe kubaya insulini, chifukwa chake n'chakuti kapamba wafika pofooka kwambiri, ndipo tidzakuphunzitsani kabayidwe ndi kasungidwe kake pa sikelo pomwe pano.