Amayi ndi Abambo, pitani mukapume

14 Juni 2025

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, ndipo chifuwa chija chinawasiya Abambo. Kuno tili bwino, ine ndi bambo a Tadala. Tadala wayamba kuwerenga yekha, ndipo akuti ndipereke moni kwa agogo ake onse awiri.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timalankhulana pa foni sabata iliyonse. Ndachita dala. Nkhani iyi ndaiyambapo katatu pa foni. Katatu konseko inu Amayi munaseka n'kunena kuti "tidzaona", ndipo inu Abambo munaikhotetsa n'kuyamba kundifunsa za kuntchito. Kalata palibe angaidule pakamwa. Chonde muiwerenge mutakhala pamodzi, mufike nayo kumapeto, kenako ndiye muyankhe.

Pempho langa ndi ili: mu Ogasiti muno, pamene mukukwanitsa zaka 35 muli m'banja, mupite ku tchuthi awiriwiri. Masiku asanu okha, popanda mwana, mdzukulu kapena wodwala woti mumuperekeze.

Nditabwera mu Epulo ndinkafuna chikalata changa chakubadwa m'kabati ya kuchipinda, ndipo m'envulopu ya mapepala akale ndinapezamo chithunzi. Muli awiri m'mbali mwa madzi. Amayi mwavala diresi ya madontho, mphepo ikukuulutsirani mpango, ndipo mukuseka mpaka maso atsinzina. Abambo mwapinda thalauza kulekeza m'mawondo, nsapato zili m'manja. Kuseri kwake kuli zolemba za Abambo: Ogasiti 1999. Ine ndinali ndi zaka 7, Mphatso anali ndi 4, Yamikani anali asanabadwe. Ndikukumbukira kuti munatisiya kwa azakhali, ndipo ndinalira tsiku loyamba lokha. Chithunzicho ndinachiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa nkhope imene Amayi muli nayo pamenepo sindinaionenso. Ndinawerenga zaka ndi zala, zinakwana 26.

Ndikudziwa kuti muyankha zoti mwayenda maulendo ambiri chichokereni nthawi imeneyo. Zoona, mwayenda. Koma taganizani kumene munkapita. Kukatisiya kusukulu, kukatitenga. Kukaona odwala, kukaika maliro, kukagona pabenchi yakuchipatala. Kubwera kuno Tadala atabadwa, pomwe Amayi munachapa matewera milungu isanu ndi umodzi, Abambo ali okha kunyumba. Pa maulendo onsewo palibe umene munanyamuka chifukwa choti inuyo mwafuna, ndipo ambiri mwa iwo mmodzi amapita, wina n'kutsala kuyang'anira nyumba.

Zaka zimene zimandiwawa kwambiri ndi za matenda a agogo. Kuyambira 2016 mpaka pamene anatisiya mu 2022, munkasinthana ngati alonda. Amayi usiku, Abambo m'bandakucha asanapite kuntchito. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwapepesa akamalira kuti akufuna kupita kwawo ali m'nyumba momwemo. Simunadandaulepo ife tikumva. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo ndikukayika ngati munagonapo tulo nthawi imodzi nonse awiri. Agogo atapita, ine ndinkayesa kuti mupuma. Koma zimene ndikuona n'zoti mudakali kusinthana. Wina akalowa, wina akutuluka. Mukalankhulana ndi za bilu ya magetsi, za denga lodontha, za Yamikani ndi ntchito imene sakuipeza. Abambo munapuma pa ntchito mu 2023, koma mumadzukabe 5 koloko kukasaka choti mukonze.

Amayi, mundikhululukire kuti ndiulule pamaso pa Abambo zimene munandiuza tikutsuka mbale. Nditatchula za ulendowu munati, "Nanga masiku onsewo tikakambirana chiyani?" Munanena moseka, koma ine mawuwo anandilasa, ndipo usiku umenewo sindinagone bwino. Sindikukuimbani mlandu. Anthu awiri amene athera zaka 26 akukambirana za anthu ena okhaokha angathe kuopa kukhala chete pamodzi. Mwina tsiku loyamba mukakhaladi chete, mukuyang'ana madzi, aliyense akuganiza ngati mpopi unatsekedwa. Palibe choipa pamenepo. N'chifukwa chake ndakana maganizo a Mphatso oti mukagone usiku umodzi wokha: tsiku loyamba mtima umakhala ukadali kunyumba, lachiwiri thupi limangofuna tulo, ndipo nkhani zimayamba kubwera lachitatu. Abambo, inu amene munalembera Amayi makalata zaka ziwiri musanakwatirane, makalata amene akusungabe m'envulopu yomwe ija, mawu sanakuthereni. Anangosowa mpata.

Tsopano ndiyankhe zimene ndikudziwa kuti mwayamba kale kuuzana.

Za ndalama. Ine ndi Mphatso takhala tikusunga pang'onopang'ono kuyambira Januwale chaka chatha, ndipo zakwana mayendedwe, malo ogona ndi chakudya. Yamikani alibe ndalama, koma wapereka chimene ali nacho, chomwe ndi nthawi yake. Abambo, ndikumva kale mukuti ndalamazo zikanakonza denga. Dengalo tilikonza mu Okutobala, ndalama zake zili padera, ndipo mmisiri ndalankhula naye kale. Izi sitinasungire denga, ndipo mukakana sizipita kudenga. Ndikudziwanso kuti zimakuvutani kulandira kuchokera kwa ana. Munagulitsa njinga yanu yamoto kuti ine ndimalize chaka chomaliza ku koleji, ndipo simunandifunse ngati ndikuvomera. Nanunso mutilole tichite ichi.

Za nyumba. Yamikani azigona komweko masiku onse asanu. Ali ndi zaka 24, galu amamudziwa, maluwa a Amayi adzawathirira m'mawa ndi madzulo. Mumulembere papepala zonse zimene mukufuna, ngakhale zikwane masamba atatu. Ndipo ndikuganiza kuti zidzamuchitira ubwino kuona kuti mwamukhulupirira ndi makiyi.

Za thanzi, apa ndiye ndaganizapo kwambiri, chifukwa nanenso zimandidetsa nkhawa. Malo amene ndapeza ali m'mbali mwa nyanja, ulendo wa maola anayi pa galimoto, ndipo Mphatso ndi amene akakusiyeni n'kudzakutengani. Ndamuuza kuti aziima pakatha maola awiri kuti mutsike, muwongole miyendo, chifukwa bondo la Amayi limauma akakhalitsa ndipo mapazi a Abambo amatupa. Chipinda ndapempha chapansi, chopanda masitepe, chokhala ndi bafa momwemo. Ndafunsanso za chipatala, chili pa mtunda wa mphindi 15. Abambo, sabata imodzi ulendo usanafike mupite akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, muwauze adokotala za ulendowu, ndipo mutenge mankhwala okwanira masiku 10, osati asanu okha. Mankhwalawo akhale m'mapaketi ake momwe, m'chikwama cham'manja, pamodzi ndi kabuku kakuchipatala. Mukamwe pa nthawi imene mumamwera kunyumba. Adokotala akati musayende, ine ndikhala woyamba kuimitsa ulendowu. Koma akavomera, musadzabisale kuseri kwa matenda.

Pali chinanso chimene simunachitchule koma ndimachimva m'mawu anu: kuti tchuthi ndi cha anthu ena, achinyamata kapena olemera, ndipo anthu akuonani bwanji akuluakulu mukukakhala pamchenga popanda chochita. Amayi, amene angakunenereni zimenezo sanali nanu 2 koloko usiku pamene munkasintha zofunda za agogo. Inu mulibe ngongole kwa iwo.

Kumeneko palibe pulogalamu imene ndakukonzerani. Ndinayamba kulemba malo oti mukaone, kenako ndinang'amba pepalalo, chifukwa moyo wanu wonse mwayendera ndandanda. Mukafuna kugona mpaka dzuwa litakwera, mukagone. Mukafuna kukwera boti, alipo okweza alendo, ndipo mukavale jekete yoyandamitsa ija ngakhale madzi ataoneka odekha. Abambo mutenge buku lija mwakhala mukuliyamba n'kulisiya. Amayi, mbale mukazisiye patebulo, alipo amene ntchito yawo ndi kuchotsa. Ndikudziwa kuti manja akakuyabwani, koma mukapirire. Ndasankha pakati pa sabata, Lolemba pa 18 mpaka Lachisanu pa 22, kuti anthu akhale ochepa ndipo tsiku lanu la pa 20 likupezeni muli konko. Foni mutenge, koma ife tagwirizana kuti sitikuimbirani pokhapokha patagwa chachikulu. Inu mukatisowa, imbani madzulo.

Ndinene chimene chandikankha kuti ndisadikirenso. Mwezi watha mnzanga wakuntchito anataya bambo ake mwadzidzidzi. Titapita kukamuona, mayi ake anatisonyeza masutikesi awiri atsopano, mapepala asanachotsedwe n'komwe. Anawagula zaka zitatu zapitazo, ulendo n'kumangouimika: chaka chino kuli ukwati, chaka chamawa tikamaliza nyumba. Mayiwo sanalire potisonyeza, anangowasisita n'kutseka kabati. Ndinabwerera kunyumba ndikunjenjemera. Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni, ndipo ndikupemphera kuti mukhale nafe zaka zambiri. Koma bondo la Amayi chaka chino si mmene linalili chaka chatha. Lero mungathe kuyenda pamchenga nonse awiri popanda ndodo, ndipo ndikufuna muyendepo zikadatheka.

Ndikupemphanso izi chifukwa cha ine mwini. Ndili m'banja zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndipo ndayamba kudziona ndikuchita zomwezo: ine ndi bambo a Tadala timapatsirana mwana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Kupirira ndinaphunzira kwa inu, kugwira ntchito ndinaphunzira kwa inu, kusamala odwala ndinaphunzira kwa inu. Ndikufuna ndionenso kwa inu mmene anthu okondana amapumira pamodzi, kuti nanenso ndidziwe pochitira.

Eni malo aja andisungira chipinda mpaka pa 30 Juni, ndipo sindinalipire kanthu, chifukwa sindikufuna kukukakamizani ngati ana. Ngati nyanja simukuifuna, nenani kumene mukufuna, tisintha. Ngati masikuwo sakukomerani, tisuntha. Chokhacho chimene ndikupempha kuti musandiyankhe ndi "tidzaona".

M'envulopu muno ndaikamo chithunzi chija. Ndinachitenga osapempha, pepani, ndinkafuna kuchijambulitsa kuti nanenso ndikhale nacho. Muchiike patebulo pamene mukukambirana. Diresi ya madontho ndikudziwa inatha kalekale, choncho Loweruka likubwerali ndikupita kukafuna nsalu yofanana nayo. Amayi munditumizire miyeso yanu.

Ndidzaimba Lamlungu pa 22 Juni, 4 koloko madzulo. Foni mudzaiike pa sipika kuti ndidzamve mawu a nonse awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Chisomo