Kalata kwa mphwanga wobatizidwa kumene, ya kakonzedwe ka pemphero la tsiku ndi tsiku

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndamva kuti chibatizidwire, ukagwada kuti upemphere wekha, mawu amakuthera msanga, kotero kuti umangobwereza kupempha ndalama ya lendi. Zimenezi zisakudetse nkhawa, pakuti ngakhale ophunzira a Yesu anachita kumupempha kuti awaphunzitse kupemphera, monga tiwerenga pa Luka 11:1. Pemphero lako uliyale m'magawo anayi, otsatana chotere: kutamanda, kuulula machimo, kuyamika ndi kupempha.

Poyamba sankha nthawi imene sudzaisintha. Ndikudziwa kuti kumene ukukhala ku Kawaleko mumagona atatu m'chipinda chimodzi, choncho chipinda chotseka chitseko chimene Mateyu 6:6 amanena n'chovuta kuchipeza. Uzidzuka mphindi 10 anzako asanadzuke, n'kukhala pakhonde ndi Baibulo lako, foni utaisiya m'nyumba, usanapite kokaphunzira ukalipentala.

Uyambe ndi kutamanda, kutanthauza kumuuza Mulungu mmene iye alili, usanatchule kanthu kalikonse kako. Oyamba kumene amavutika pano chifukwa alibe mawu awoawo, ndiye abwereke m'Masalimo. Werenga ndime ziwiri kapena zitatu za Salimo 103 kapena 145, utengepo khalidwe limodzi la Mulungu, unene kuti: "Atate wakumwamba, Inu ndinu wachifundo ndi wosakwiya msanga, munalipo ine ndisanabadwe, ndipo simusintha." Pemphero la Ambuye nalonso limayamba ndi kuyeretsedwa kwa dzina la Mulungu, chakudya chalero chimabwera pambuyo.

Gawo lachiwiri ndi limene ambiri timalidutsa mothamanga, ndi mawu aja akuti "mutikhululukire zonse zimene tachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita." Mawu amenewa ndi oyenera pamene mpingo wonse ukupemphera pamodzi, koma munthu akakhala yekha amatha kubisalamo, chifukwa sakhudza tchimo lililonse lenileni. Iwe uyambe wakhala chete, ukumbukire tsiku ladzulo kuchokera m'mawa kufikira pogona, kenaka utchule chimene wapeza ndi dzina lake: "Ambuye, dzulo ndinauza mwini mpando uja kuti ndamaliza pamene ndinali ndisanaupale n'komwe, ndinanama poopa kukalipiridwa. Ndikhululukireni chifukwa cha Yesu Khristu." Usawonjezepo zifukwa zodzitchinjiriza nazo. Davide, mneneri Natani atamudzudzula pa nkhani ya Bateseba, anapemphera Salimo 51 popanda kuloza wina chala. Ngati tchimolo lavulaza munthu, ulonjeze pomwepo chimene ukachite, kaya ndi kupepesa kaya kubweza chimene unatenga, ndipo ukachite tsiku lomwelo. Ukaulula, ulandire lonjezo la pa 1 Yohane 1:9, lakuti Mulungu ndi wokhulupirika kukhululukira amene avomereza machimo awo, ndipo usabwererenso mawa ndi tchimo lomwe lakhululukidwa kale ngati kuti sanamve.

Kuyamika kumasiyana ndi kutamanda chifukwa kumayang'ana zimene Mulungu wachita. Tchula zinthu zitatu za dzulo, ngakhale zazing'ono: nsima imene unadya, dzanja limene silinachekedwe ndi sowo, malungo a mayi ako amene atsika. Mwa akhate 10 amene Yesu anawachiritsa pa Luka 17, mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera kudzathokoza.

Pomaliza upemphe, ndipo usachite manyazi kutchula lendi ija, pakuti Afilipi 4:6 amatiuza kuti tidziwitse Mulungu zopempha zathu pamodzi ndi chiyamiko. Komabe ndikulangiza kuti uyambe ndi ena. Gawa masiku kuti mndandanda usatalike: Lolemba abale kumudzi, Lachiwiri mphunzitsi wako ndi anzako a pantchito, Lachitatu odwala, Lachinayi abusa ndi mpingo, Lachisanu atsogoleri a dziko ndi nkhani ya mvula. Kenaka upemphe zako, za thupi ndi za mtima zomwe, makamaka mphamvu yogonjetsa tchimo limene waulula lija, utsirize ndi kupereka zonse ku chifuniro chake m'dzina la Yesu. Ine ndimaona kuti munthu amene wadutsa magawo atatu oyambawo amapempha mosadzidzimuka, ndipo zina zimene anadzuka nazo amazisiya yekha.

Magawowa sayenera kulingana kutalika. Tsiku lina kuulula kudzatenga nthawi yonse, ndipo tsiku la maliro kapena la ngozi ungathe kungofuula kuti "Ambuye, ndipulumutseni," monga Petro pamene ankamira. Ukaphonya tsiku, upitirize mawa lake popanda kudzizunza. Upezenso kakope kolembamo zopempha zako ndi tsiku lake, kuti zimene zayankhidwa uzizisamutsira ku gawo la kuyamika.

Mayi ako ndi azakhali ako akupereka moni. Undidziwitse ola limene wasankha, ndipo ukabwera ku Dedza pa Khirisimasi udzabwere ndi kakopeko.

Ndine malume ako.