Kwa Mada: zakudya za sabata ndi zokagula mumsika wa Ndirande

Mada mlongo wanga,

Amayi andiuza kuti ntchito ku Makata wayamba bwino ndipo chipinda wachipeza cha ku Goliyo. Andiuzanso, motsitsa mawu ngati kuti uli pomwepo, kuti sabata ziwiri zathazi wakhala ukudyera pachiwaya, ati chifukwa ulibe firiji ndiye chilichonse ukaphika chikusasa. Ine ndinakhala zaka zitatu m'chipinda cha lendi ku Bangwe, firiji ndinkangoiona kwa alandilodi, koma sindinafe. Ndakulembera mmene ndinkachitira. Pepalali ulimate kuseri kwa chitseko.

Mutu wa nkhani ndi umodzi: uzidya motsatira chimene chikufulumira kuwonongeka. Nyama ndi ya tsiku lomwelo. Mpiru, repu ndi tchayinizi ndi za lero ndi mawa. Kabichi, tomato wosapsetsa ndi mazira zimapirira mpaka kumapeto. Zouma, monga usipa, nyemba, soya pisi ndi mfutso, ndiye firiji yako imeneyo. Makamaka mwezi uno wa Okutobala, chipinda cha malata chopanda siling'i masana chimakhala ngati uvuni, ndiye usamadalire kuti chophikidwa chikudikira.

Kumsika uzipita kawiri basi, Lamulungu ukaweruka kutchalitchi ndi Lachitatu pochokera kuntchito.

Zogula Lamulungu:

- Ufa wa mgaiwa, chigoba chimodzi cha malita 5. Tiufa ta m'timajumbo togula tsiku ndi tsiku tija timaoneka totchipa, koma pamwezi timadya ndalama yambiri.
- Mpunga, kilo 1.
- Nyemba, theka la kilo. Usankhe zatsopano zowala khungu, chifukwa zakale zimatha makala.
- Usipa wouma kapena bonya, timbale tiwiri. Uthyole kamodzi uone. Kakathyoka kuti thyo ndi wouma bwino, kakapindika kapena kukhala ndi fungo la chinyezi umusiye.
- Soya pisi, mapaketi 2.
- Mazira 6.
- Mtedza, theka la kilo, wina wokazinga wina wa nsinjiro. Wachuku, wofwapa ndi wowawa utaye, usadye ndi chisoni.
- Nyama ya mbuzi, kota, kapena zidutswa ziwiri za nkhuku.
- Mpiru, mpukutu umodzi, ndi kabichi mmodzi wamng'ono wolimba mutu.
- Tomato, mulu umodzi wakupsa ndi wina wongoyamba kufiira.
- Anyezi 4.
- Mbatata, mulu umodzi.
- Nthochi zosapsetsa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi.
- Makala, jumbo lalikulu.

Zogula Lachitatu ndi zochepa: masamba amene wawapeza abwino, kaya nkhwani, bonongwe kapena therere, tomato wina ngati wachepa, chinangwa chachiwisi zidutswa ziwiri, ndi buledi theka. Chinangwa usagule chambiri, chimada mitsempha pakangotha masiku awiri kapena atatu.

Mafuta ophikira lita imodzi, shuga, mchere, masamba a tiyi, machesi, sopo ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, izi ugule tsiku lolandira malipiro, usanayambe kumva kuti ndiwe bwana. Mitengo sindinalembe dala. Amayi a tomato okha amasintha mtengo m'mawa ndi madzulo, ndiye upite cha m'ma 4 koloko pamene akufuna kuweruka, ndipo usachite manyazi kupempha banyira.

Lamulungu ndi tsiku lodya ngati munthu wolembedwa ntchito. Masana nsima, nyama ija ndi mpiru theka. Nyama uiphike yonse nthawi imodzi, uipungulire m'mbale ya masana, yotsalayo isakhudzidwe ndi supuni yodyera. Madzulo uiwiritsenso mpaka ibwate, udyere mpunga, ithe. Usanene kuti ndisungeko kachidutswa ka Lachiwiri. Makala akamazilala ukazingepo mtedza wa sabata yonse, ukazizira uuike m'botolo lotseka bwino.

Lolemba m'mawa tiyi ndi mbatata yophika. Uphike yochulukirapo, ina utengere kuntchito pamodzi ndi mtedza ndi nthochi. Madzulo nsima, usipa ndi mpiru wotsala uja. Mpiruwo ugone usiku wa Lamulungu mapesi ake ali m'kapu ya madzi, kapena utaukulunga m'kansalu konyowa, osati m'jumbo, chifukwa m'jumbo umachita thukuta n'kusanduka wachikasu. Usipa uyambe waunyika m'madzi ofunda mphindi zochepa kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, kenako uukazinge, tomato ndi anyezi pambuyo.

Lachiwiri ndi la nyemba, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu okhala okha amagwa. Usanatuluke m'mawa, sankha kapu imodzi, uzinyike m'madzi ambiri, uvundikire. Pobwera utaye madziwo, uthire ena, uziteleke moto uli wamphamvu. Zonyikidwa zimapsa mu ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene zosanyika ungagone ndi njala ukuzidikira. Zikapsa upatule zimene udye usiku umenewo, n'zokhazo zimene uthire tomato ndi anyezi. Zotsalazo zikhale za mchere wokha, uziwiritsenso usanagone, uvundikire, usazitsegulenso. Lachitatu m'mawa uzibwatitse bwinobwino, udyere mpunga kapena mbatata usanapite kuntchito. Inde, nyemba m'mawa. Zimakugwira mpaka masana kuposa tiyi wa mabanzi awiri.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa zinandionekera. Chaka changa choyamba ku Bangwe ndinaphika poto wodzaza Lolemba, n'kumati ndiye ndiwo mpaka Lachinayi. Lachitatu madzulo nditavundukula ndinapeza tithovu pamwamba ndi kafungo konga thobwa logona. Ndinati ndalama zanga sizingapite kudzala, ndinawiritsa n'kudya. Usiku wonse ndinali pa ulendo wa kuchimbudzi cha panja, cha mabanja asanu, tochi ya foni ili m'manja, ndipo m'mawa mwake ntchito sindinapite. Kuwiritsa sikubweza chakudya chimene chasasa kale. Mpunga wophika ndiye woopsa mwakachetechete, sununkha msanga, choncho uziphika wongokwana nthawi imodzi.

Chamasana cha Lachiwiri ndi mazira awiri owiritsa m'mawa womwewo, osasenda mpaka nthawi yodya, ndi mbatata. Lachitatu, popeza wadya nyemba m'mawa, masana mtedza ndi nthochi zikukwanira. Madzulo ake udzakhala utadzera kumsika, ndiye nsima, soya pisi ndi masamba atsopano aja otendera. Nsinjiro uzisinja pang'onopang'ono, bwereka kamtondo kwa aneba. Ndiwo zotendera zimasasa msanga, zisagone.

Lachinayi m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Limapsa msanga ndipo silitha makala. Masana chinangwa chophika ndi mtedza. Madzulo nsima, mazira awiri okazinga ndi tomato, ndi kabichi. Kabichi usamudule pakati ngati amayi kumudzi amene amaphikira anthu asanu ndi atatu. Uzisenda masamba akunja amene ukufuna, mutuwo uzikhala wathunthu, udzafika Loweruka.

Lachisanu ndakupatsa ufulu. M'mawa tiyi ndi buledi, masana kadye ku chiimilire kapena usonkhe nawo memo ndi anzako a kuntchito. Munthu amene amangotsegula kontena yake pakona masiku onse amadzaphonya nkhani za pantchito, ndipo kamodzi pa sabata sikangakugwetse. Uzingoyang'ana kuti nsima ndi ndiwo zikuchoka pamoto ukuona, komanso madzi osamba m'manja ndi othirirana, osati beseni limodzi la aliyense. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo ku Blantyre konko sinasiyeko. Madzulo nsima, usipa wotsala ndi kabichi.

Loweruka umaweruka masana, ndiye pali mpata. M'mawa phala. Ukafika uphike futali wa mbatata yotsala, kapena mpunga ndi paketi yachiwiri ya soya. Madzulo n'kusesa: mazira awiri omaliza, tomato amene wayamba kufewa, kabichi yense. Ukakayika dzira, liponye m'kapu ya madzi. Likamira ndi labwino, likayandama litaye. Mazira usamawatsuke posunga, uzingowaika pamalo pozizirirapo. Nyemba zouma zotsala ndi za sabata yamawa.

Ukaona bwino, tsiku lililonse mwalowa zambiri mwa magulu 6 a zakudya aja amaphunzitsa kusikelo: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Zipatso ndiye zopereweramo. Mango akangoyamba kutchipa mwezi wamawa, usiye nthochi uzidya amenewo, masuku nawo akubwera.

Za kasungidwe m'chipindamo. Ufa, mpunga ndi nyemba zikhale m'ndowa zokhala ndi zivundikiro, chifukwa makoswe a m'nyumba zogundizana amayenda pamwamba pa khoma kuchoka khomo ili kupita linalo, ndipo jumbo kwa iwo si kanthu. Usipa uupachike pa msomali m'kathumba kopita mphepo, Loweruka uziuyanikako padzuwa uli pomwepo, apo ayi amphaka athokoza. Tomato umuyale pa lichero, mmodzimmodzi osasanjikiza, kumchombo kuli pansi, ndipo wophwanyika adyedwe tsiku lomwelo asanawoletse anzake. Botolo la shuga uliimike m'kambale ka madzi, nyerere siziwoloka. Ukapeza ndalama pang'ono ugule miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Waung'ono ulowe mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowa. Madzi akamauma amaziziritsa zam'katimo, ndipo tomato ndi masamba zimakhalitsako. Koma si ya nyama kapena ndiwo zophika, usadzanene kuti achemwali anatero.

Mbaula iziyakira pakhonde. Ngakhale kugwe mvula, ngakhale magetsi azime ufune kuwala, usagone nayo m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sumveka fungo, munthu amangogona osadzukanso. Ukamaliza kuphika uzimitse makala otsala ndi mchenga kapena phulusa, mawa ayakanso.

Amayi akuti atumiza mfutso wa chitambe ndi ufa woyera kudzera kwa amalume akamabwera ku Limbe kumapeto a mwezi. Ukalandira uchotse kabichi pamndandanda sabata imeneyo. Mthiko ndi chipande ndikudziwa ulibe, Amayi ati unavundulira supuni, ndiye ugule Lamulungu lomweli, ali nazo amene amagulitsa malichero. Undiimbire Lachiwiri usiku undiuze ngati nyemba zapsa.

Ndine mlongo wako,
Nachisale