Kalata yotumiza wodwala m'mimba kuchipatala cha boma

Lachinayi, 27 Malichi 2025

Kuchokera kwa: Namwino woona odwala oyendera, chipatala chaching'ono cha kumudzi
Kupita kwa: Adokotala oona odwala aakulu, chipatala cha boma
Wodwala: Bambo Yohane Mbewe, zaka 58, mlimi
Changu chake: aonedwe lero lomwe

Okondedwa Adokotala,

Ndakutumizirani a Mbewe, amene akumva kupweteka m'mimba cha kumtunda, pansi penipeni pa fupa la pachifuwa, kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi tsopano. Pano ndawaona katatu. Poyamba ndinkawathandiza ngati munthu wa zilonda za m'mimba, koma mankhwala sanagwire, ndipo lero afika atatsika thupi, magazi atachepa, komanso ndamva kuti achita chimbudzi chakuda kawiri. Pempho langa ndi lakuti afufuzidwe bwinobwino asanapatsidwenso mankhwala omwe aja n'kubwezedwa kwawo.

Ululuwu unayamba cha mu Okutobala chaka chatha. Iwo amati kumatentha ngati aikapo khala la moto, ndipo ndikawauza kuti aloze, amaloza ndi chala chimodzi pakati pa nthiti, pamwamba pa mchombo. Miyezi yoyambirira kunkawapweteka akakhala ndi njala, makamaka pakati pa usiku, ndipo akadya kanthu kunkaleka. Apa ndi pamene pasintha. Kuyambira mwezi watha ululu sukusankhanso nthawi, chakudya ndiye chikuwonjezera. Akangodya pang'ono akuti akhuta, mimba yadzadza, ndipo amageya pafupipafupi. Sabata ziwiri zapitazi asanza kanayi, nthawi zonse patapita maola angapo atadya. Masanziwo ndi chakudya chimene anadya, opanda magazi kapena zakuda. Kumeza akumeza bwino, zolimba ndi zamadzi zomwe. Ululu supita kuphewa, kumkono kapena kunsagwada, ndipo subwera akamalima kapena kukwera chitunda. Dzulo usiku akuti unafikako kumsana, koma pakuti msana ndi vuto lawo lakalekale, sindinathe kusiyanitsa.

Za chimbudzi chakuda sanandiuze ndi iwo. A Mbewe ndi munthu wochepetsa zinthu, mukawafunsa amangoti "pang'ono pokha", ngakhale nkhope ikunena zina. Ananena ndi akazi awo, bambowo atatuluka kukapima sikelo. Akuti chinali chakuda bii, chomata, cha fungo loipa kwambiri, kamodzi masabata atatu apitawo, kachiwiri Loweruka lapitali, pa 22 Malichi. Nditawafunsa eni ake anavomera. Sanamwe mapiritsi owonjezera magazi kapena china chilichonse chodetsa chimbudzi. Choncho ndikupempha kuti mukamawafunsa mbiri, mayiwo akhale pomwepo.

Ulendo woyamba anabwera pa 9 Januwale, akulemera makilogalamu 61. Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti kwa zaka zoposa zitatu akhala akumwa bulufeni chifukwa cha msana, wogula okha, mapiritsi awiri kapena atatu patsiku nyengo yolima, nthawi zambiri m'mamawa asanadye. Akasowa bulufeni ankamwa indosidi kapena asipulini. Ndinawaletsa onsewa, n'kuwapatsa panado m'malo mwake, mapiritsi otafuna a magineziyamu ochepetsa asidi, ndi alubendazo mamiligalamu 400 kamodzi.

Anabweranso pa 6 Febuluwale asanapeze bwino, sikelo ili pa 59.5, himogulobini 10.8. Pano sitiyeza kachilombo ka helikobakita, ndiye ndinangowayamba mankhwala atatu aja mongoganizira: omepurazo mamiligalamu 20 kawiri patsiku, amokisilini galamu imodzi kawiri patsiku, ndi metironidazo mamiligalamu 400 kawiri patsiku, kwa masiku 14. Atamaliza anapitiriza omepurazo yekha, mamiligalamu 20 kamodzi patsiku, kwa masabata anayi, ndipo anatha pa 20 Malichi. Akazi awo akutsimikiza kuti anamwa onse osadumphitsa, ndipo mapepala opanda kanthu anabwera nawo. Anapezako bwino pafupifupi masabata awiri, kenaka ululu unabwerera akadali pa mankhwala. Ndikayang'ana m'mbuyo, himogulobini ya 10.8 kwa bambo wa zaka zimenezi inali yokwanira kuti ndiwatumize kwa inu tsiku lomwelo. Ndinadalira nkhani ya bulufeni ija, poganiza kuti yafotokoza zonse.

Bulufeni akuti sanamwenso chiyambire Januwale. Mayiwo akuti anawaonapo kamodzi mu Febuluwale msana utavuta. Ndalemba zonse ziwiri monga ndazimvera.

Mbiri ina ndi yaifupi. Sanagonekedwepo m'chipatala, sanachitidwepo opaleshoni, alibe shuga kapena matenda othamanga magazi odziwika, ndipo palibe mankhwala amene amawawenga. Ankasuta fodya kwa zaka pafupifupi 30, anasiya zaka zinayi zapitazo. Mowa ankamwa kumathero a sabata, anasiya ululu utayamba chifukwa unkawonjezera. Ali mnyamata anadwalapo likodzo ndipo sakukumbukira ngati analandira mankhwala. Sakutsokomola, satuluka thukuta usiku, thupi silitentha, ndipo pakhomo palibe amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu. Mwezi watha anamwako mankhwala azitsamba kwa masiku asanu, dzina lake sakulidziwa. Bambo awo omubereka anamwalira ndi "matenda a m'mimba" atawonda kwambiri, koma sanapite kuchipatala, ndiye palibe amene anganene kuti chinali chiyani.

Lero alowa akuyenda okha, akulankhula bwino, koma akuoneka otopa ndipo lamba amubowola mabowo awiri atsopano. Akulemera makilogalamu 55, kutanthauza kuti ataya makilogalamu 6 m'masabata 11, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lawo, pa sikelo yomwe ija. Kuthamanga kwa magazi ndi 112/70 atagona, 104/66 ataimirira, ndipo akuti akadzuka msanga amamva chizungulire. Mtima ukugunda ka 96 pa mphindi, mosadumpha. Akupuma ka 18. Kutentha kwa thupi 36.8. Zikope zam'kati ndi zikhatho zayera. Maso alibe chikasu, miyendo sinatupe. Ndafufuza anabele m'khosi, m'khwapa ndi pamwamba pa fupa la m'khosi la kumanzere, sindinapeze. Chifuwa chikumveka bwino mbali zonse.

Mimba ndi yofewa, sinatupe, ilibe madzi. Akumva kuwawa ndikadina pakati pamwamba pa mchombo, koma sakuumitsa mimba, ndipo ndikachotsa dzanja mwadzidzidzi ululu suwonjezeka. Kumanja pansi pa nthiti, ndikadina iwo akukoka mpweya, sakudzidzimuka. Chiwindi ndi kapamba sindinazimve. Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna manja anu atsimikize: chakumanzere pang'ono kwa pamene pakuwawapo ndamva ngati pali polimba, posayenda bwino pansi pa zala. Ndayesa kawiri, kachiwiri atapinda maondo, ndipo sindinganene motsimikiza kuti ndi chotupa. Mwina ndi mnofu chabe umene ukumveka chifukwa awonda. Ndawapima kumalo ochitira chimbudzi atavomera: palibe chotupa, ndipo chimbudzi cha pa gulovu n'cha mtundu wamba, chopanda magazi.

Zimene tatha kuyeza pano ndi izi. Himogulobini ndi 8.4, kutsika kuchoka pa 10.8 m'masabata asanu ndi awiri. Malungo alibe. HIV alibe, tayeza lero atalandira uphungu. Shuga ndi mamilimolo 5.6 pa lita, atadya maola atatu apitawo. Mkodzo ulibe magazi, shuga kapena mapuloteni.

Maganizo anga ndi akuti akutaya magazi pang'onopang'ono kuchokera m'chifu kapena kumayambiriro kwa matumbo. Chikhoza kukhala chilonda chobwera ndi bulufeni kapena helikobakita yemwe sanaphedwe ndi mankhwala aja, ndipo ndingakondwe zitakhala choncho. Koma zaka zawo, kuwonda, kukhuta msanga, kusanza chakudya patapita nthawi, ndi ululu wobwerera ali pa omepurazo, zikundichititsa kuopa khansa ya m'chifu, mwina imene yayamba kutseka njira yotulukira chakudya. Mbiri ya likodzo ndi mowa yandikumbutsanso za mitsempha yotupa ya kummero yobwera ndi vuto la chiwindi, ngakhale kuti pa thupi sindinaone zosonyeza zimenezo. Ndulu ndi mtima ndaziika kumapeto.

Ndikupempha kuti muyeze magazi onse ndi gulu lake, kuti akafunika kuikidwa magazi musachedwe, muonenso mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito, ndipo ajambulidwe sikani ya m'mimba. Chachikulu ndi endosikope, kuti chifu chionedwe m'kati ndipo kachidutswa katengedwe kukayezedwa ngati papezeka chilonda kapena chotupa. Ngati kwanuko sizitheka, chonde akonzereni ulendo wa kuchipatala chachikulu asanatuluke, tsiku lilembedwe m'buku lawo. Akangouzidwa pakamwa kuti adzabwerenso, ndikuwadziwa, adzabwerera kumunda. Mukafuna kuyeza helikobakita m'chimbudzi, dziwani kuti maantibayotiki anamaliza pa 20 Febuluwale koma omepurazo amusiya sabata imodzi yokha yapitayo, ndipo lero ndawapatsanso, kotero zotsatira zikhoza kuonetsa kuti alibe pamene alipo.

Asananyamuke ndawamwetsa omepurazo mamiligalamu 40 ndi panado galamu imodzi nthawi ya 10:30 m'mawa, ndipo ndawaika kanula padzanja lamanzere, koma dilipi sindinayambe pakuti akumwa madzi bwino. Chakudya chomaliza anadya cha m'ma 7 koloko. Mapiritsi owonjezera magazi ndawasiya dala, chifukwa amadetsa chimbudzi ndipo angatisokoneze poona ngati magazi akutulukabe. Mudzayambe inu mukaona kuti nthawi yake yakwana. Akubwera pa ambulansi imene ikunyamula mayi woyembekezera masana ano, limodzi ndi akazi awo, ndipo anyamula buku lawo la kuchipatala. Mzamba amene akuperekeza mayiyo ndamuuza kuti aziwayang'anira panjira.

A Mbewe ndawauza kuti magazi awo achepa, kuti mwina akutayika kudzera pa chilonda cha m'mimba, ndipo kuti pakufunika zipangizo zimene ife tilibe. Mawu akuti khansa sindinawatchule kwa iwo. Akazi awo anandifunsa pambali ngati ndi matenda omwe anatenga apongozi awo, ndipo ndawayankha kuti sindikudziwa, n'chifukwa chake ndikuwatumiza. Onse awiri avomera ulendowu, ngakhale bambowo akudandaula kuti mbewu zatsala pang'ono kucha ndipo kumunda kulibe wina. Sawerenga bwino, choncho malangizo a mankhwala apatsidwe pakamwa mayiwo akumva.

Akamatuluka, chonde lembani m'buku lawo zimene mwapeza, mankhwala amene apitirize, ndi tsiku loti ndidzayezenso himogulobini ndi sikelo. Mundiuzenso chimene ndingawapatse cha msana panado akalephera, chifukwa pakapanda china adzabwerera ku bulufeni. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo ndamudziwitsa kale, ndipo adzawayendera akabwerako.

Zikomo kwambiri chifukwa chowalandira.

Ine wanu pantchito,
Esinati Nachisale
Namwino ndi mzamba