Ndemanga pa nkhani imene unakamba Lachiwiri ya mmene malungo amafalira

Tadala,

Belu linalira ndisananene zambiri, ndipo zina mwa zimene ndikufuna kukuuza si zoti ndikanazinena pamaso pa anzako, n'chifukwa chake ndakulembera. Wapeza malikisi 33 pa 50: pa kayankhulidwe 12 pa 20, pa mfundo 16 pa 20, pa zithunzi 5 pa 10. Ndikudziwa kuti umayembekezera oposa amenewa. Werenga mpaka kumapeto usanakhumudwe.

Ndiyambira kumapeto kwa nkhani yako, pa nthawi ya mafunso, chifukwa m'pamene ndinaona munthu amene ndimamudziwa. Mnzako wa kumbuyo uja atafunsa kuti, “Nanga udzudzuwo bwanji sufa ndi tizilombo timene wanyamula, ndipo umatitenga kuti poyambirira?” unaika pepala patebulo, n'kuyenda pang'ono kupita kumene iye anali. Unafotokoza kuti udzudzu subadwa ndi tizilombo ayi, umatitenga ukaluma munthu amene ali nato kale m'magazi. Unajambula ndi chala m'malere mzere wochoka kwa wodwala, kupita kwa udzudzu, kukafika kwa munthu wina. Mawu ako anakwera okha. M'kalasi munali zii, ngakhale awiri aja amene ankanong'onezana kuyambira pachiyambi anasiya. Gawo la funso limene sunalidziwe unanena poyera kuti sukulidziwa ndipo ukafufuza, ndipo zimenezo zinandisangalatsa kuposa ukanapeka yankho. Mphindi ziwiri zimenezo zinaonetsa kuti nkhaniyi uli nayo m'mutu. Vuto ndi lakuti mphindi 13 zoyambirira unaziika m'manja mwa pepala ndi pulojekita.

Pa kayankhulidwe, chachikulu ndi maso. Ndinali ndi wotchi m'manja: pa mphindi zisanu zoyambirira unadzutsa mutu katatu kokha, ndipo katatu konseko unayang'ana ine. Ine si amene unkafunika kundikopa, nkhaniyi ndimaidziwa kale. Ukachoka papepala unkatembenukira kukhoma kumene kunali masilaidi, n'kumawerenga utatipatsa msana. Munthu akayankhula atayang'ana khoma, mawu amathera kukhoma komweko. Ine ndinakhala dala pa desiki yomaliza, ndipo mawu omalizira a chiganizo chilichonse sankandifika. Umayamba chiganizo mwamphamvu koma umachimeza pomaliza, pamene m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, mfundo yofunika kawirikawiri imakhala kumapetoko.

Liwiro nalonso linakupweteka. Unapatsidwa mphindi 10, koma unabwera ndi zinthu zokwana mphindi 20, ndiye unkathamanga kuti zonse zilowe. Pamene unkafotokoza ulendo wa tizilombo m'thupi, lomwe ndi gawo lovuta kwambiri pa nkhani yonse, m'pamenenso unathamanga kwambiri. Pamalo oterowo pamafunika kuima. Ukanena kuti tizilombo tikangolowa m'thupi timayamba tapita kuchiwindi, khala chete masekondi atatu. Kwa iwe adzaoneka ngati chaka, koma kwa womvera ndi nthawi imene mfundoyo ikukhazikika. Panopa mipata yoteroyo ukuidzaza ndi “eti”. Ndinawerenga mpaka 20 n'kusiya. Sindikunena izi kuti uchite manyazi, inenso ndili ndi kamawu kanga kamene ana a m'kalasi mwanu amanditsanzira ndikatuluka, ndimadziwa. Koma “eti” wako amachititsa kuti mfundo yoona imveke ngati ukupempha chilolezo kuti uinene.

Chiyambi chako chinali chabwino. Unatifunsa kuti ndi angati amene anadwalapo malungo, manja n'kukwera, kenako unafunsa kuti ndi angati angafotokoze zimene zinkachitika m'thupi mwawo pa nthawiyo, manja onse n'kutsika. Pamenepo unatigwira. Chomaliza ndiye chinasowa. Silaidi yomaliza itafika unangoti, “Basi, ndi zomwezo,” n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala. Anzako sanadziwe ngati aombe m'manja kapena adikire. Ukanabwerera ku funso lako loyamba lija n'kuliyankha m'ziganizo ziwiri, nkhaniyo ikanatsekeka yokha.

Tsopano mfundo. Apa m'pamene wachita bwino, ndipo zikuoneka kuti unawerenga, sunangokopera. Unafotokoza molondola kuti woluma ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, ndiponso chifukwa chake: umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Unatsata ulendo wa tizilombo mu ndondomeko yoyenera, kuchokera m'malovu a udzudzu, kupita kuchiwindi kumene timachulukana, kenako kulowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaphulitsa. Kulumikiza kuphulika kwa maselowo ndi kutentha thupi komanso kuchepa kwa magazi kunali kuganiza kwa iwe mwini, ndipo ndakupatsira malikisi.

Pali zolakwika zitatu zoti ukonze. Kawiri konse unatchula kachilombo ka malungo kuti vayirasi. Si vayirasi, sinso bakiteriya. Pulasimodiyamu ndi kachilombo ka selo imodzi kamene kamadalira thupi la chamoyo china, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa n'kumene kumachititsa kuti mankhwala ake akhale osiyana. Pa mayeso mawu amodzi amenewa angakutayitse funso lonse. Chachiwiri, unanena kuti munthu akalumidwa usiku amadzuka akudwala m'mawa. Iwe wemwe unali utangofotokoza kumene kuti tizilombo timayamba takhala m'chiwindi, ndiye unadzitsutsa wekha: zizindikiro kawirikawiri zimayamba patapita masiku 10 mpaka 15. Chachitatu ndi zaka. Pa silaidi yachitatu unalemba 1880 pansi pa dzina la Ronald Ross. Chaka cha 1880 ndi cha Alphonse Laveran, dokotala wa ku France amene anaona tizilomboti m'magazi a wodwala ku Algeria. Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu mu 1897 ali ku India. Mmodzi anaonetsa chimene chimadwalitsa, winayo anaonetsa chimene chimachinyamula.

Komabe ndikufunse: mbiri imeneyi inkafunika mphindi zinayi? Mutu wako unali wa mmene malungo amafalira, osati wa amene anatulukira. Ziganizo ziwiri zikanakwana. Nthawi imene inapita ku mbiri ndi imene inasowa pa gawo la kapewedwe, limene unalidutsa m'masekondi 40 pongotchula maneti ndi kuchotsa madzi odikha. Pamenepa unataya mfundo yokoma kwambiri. Tizilombo tikalowa mwa udzudzu timafunika masiku pafupifupi 10 kapena kupitirira kuti tikhwime n'kufika m'malovu ake. Udzudzu ukafa masikuwo asanakwane, sungapatsire munthu aliyense. N'chifukwa chake neti yonyikidwa m'mankhwala siteteza wogonamo yekha: imaphanso udzudzu umene ukanadzaluma wina. Ukananena zimenezi, ulendo wa tizilombo umene unaufotokoza bwino uja ukanakhala ndi kumene ukulowera.

Kwatsala zithunzi, kumene kwakudyera malikisi ambiri.

Unali ndi masilaidi 14 pa nkhani ya mphindi 10. Asanu ndi atatu anali ndime zathunthu, zomwezo zimene zinali papepala lako. Anthu amawerenga mofulumira kuposa mmene iwe ungayankhulire, choncho silaidi ikangoonekera ankaimaliza iwe uli pa mzere wachiwiri, kenako n'kuyamba kuyang'ana panja. Silaidi yachisanu ndi chimodzi inali ndi mizere 11 ya zilembo zazing'ono zofiira pa mtundu wobiriwira. Ndili kumbuyo kuja sindinathe kuwerenga ngakhale mutu wake, ndipo kumbukira kuti pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiri imeneyi. Zilembo zakuda pa malo oyera sizikhumudwitsa. Kukula kwa zilembo kusatsike pa 24, ndipo mfundo ikakana kukwana pa kukula kumeneko, ndiye kuti ndi yoti uinene pakamwa.

Chithunzi cha udzudzu pa silaidi yoyamba chinali chokongola, koma si anofelesi. Pamwamba unalemba Anopheles, pansi pali udzudzu wakuda wa mizere yoyera m'miyendo. Umenewo ndi wa mtundu wa edesi, wofalitsa matenda ena monga dengi, osati malungo. Ndikuganiza kuti unangotenga chithunzi choyamba chimene chinabwera utafufuza pa intaneti. Anofelesi umadziwika ndi kateredwe kake: ukatera pakhoma kapena pakhungu umazondotsa mutu, thupi lake n'kuloza m'mwamba mopendekeka. Chithunzi cholondola chikanakupatsa mfundo yaulere, yoti aliyense akanapita nayo kukaiyesa yekha. Galafu ya pa silaidi yachisanu ndi chinayi inalibe mawu m'mbali mwake, ndiye sitinadziwe ngati mzere wokwerawo ukuwerenga odwala, omwalira kapena udzudzu, ndiponso sunalembe kumene unaitenga. Inaoneka kwa masekondi asanu, iwe n'kuti, “Monga mukuonera apa,” koma palibe chimene tinaona.

Silaidi imodzi yokha ndi imene inagwiradi ntchito: chojambula chako chapamanja cha mzere wozungulira, munthu, udzudzu, chiwindi, magazi, ndi mivi inayi. Unapepesa pochionetsa, unati sichinajambulidwe bwino. Usadzapepesenso. Chinali ndi mawu ochepa, chinkaoneka mpaka kumbuyo, ndipo anzako angapo anachikopera m'makope mwawo popanda wowauza. Nkhani yonse ikanatha kuima pa chojambula chimenechi. Ukanachisiya pakhoma nthawi yaitali, n'kumaloza muvi umodzi umodzi uli chammbali, nkhope ili kwa ife.

Malikisi awa ndalemba kale ndipo sasintha, koma nkhani yachiwiri ikubwera pakatha milungu itatu, ndipo ndikufuna uyesere pa nkhani yomweyi imene ukuidziwa kale. Chepetsa masilaidi akhale asanu. Pepala lalikulu lija lisiye. Lemba mawu okukumbutsa okhaokha pa kakhadi kamodzi kokwana m'dzanja. Ukambe nkhaniyo mokweza, utaimirira, wotchi ili patsogolo, mpaka izitha pa mphindi zisanu ndi zinayi. Ngati ungabwereke foni, dzijambule kamodzi n'kuwerenga wekha ma “eti” aja. Kudzimvera sikusangalatsa, koma kumathandiza msanga kuposa ndemanga yanga iliyonse.

Ubwere Lachinayi tikaweruka, m'kalasi momwe muja. Ine ndidzakhala pa desiki yomaliza, ndipo nthawi iliyonse imene sindidzamva mawu omaliza a chiganizo ndidzakweza dzanja. Ubweretse chojambula chija, komanso yankho la funso la mnzako limene unalonjeza kufufuza, chifukwa dzulo wandifunsanso.

Mphunzitsi wako wa sayansi ya zamoyo